Chiyambi Chimene Sichinena Kanthu

"M'dziko lamakono, ulimi ndi wofunika kwambiri." Ndani sadziwa zimenezi? Munthu wafufuza pa foni nthawi yothira feteleza wachiwiri m'chimanga, bando ikutha, inu olemba nkhani pa intaneti mukumuuza kuti chimanga ndi chakudya cha Amalawi ambiri. Kenako "M'nkhaniyi tikambirana." Kenako funso lopanda mutu: "Kodi munaganizapo za ulimi?" Ndime zitatu zatha, yankho kulibe. Zimanditopetsa!

Choipitsitsa ndi mawu ofufuzira, "feteleza wa chimanga", obwerezedwa kanayi m'ziganizo zitatu pofuna kusangalatsa Google. Kodi alipo amene amayankhula choncho kumunda?

Werengani chiyambi chanucho mokweza, ngati mukuyankha mnansi amene waima pakhonde. Paliponse pamene lilime likukodwa, dulani. Chiganizo chimene chingakwane pa nkhani ya nyemba, fodya kapena nkhuku osasintha liwu, chotsani, chifukwa sichinena kanthu za chimanga. Yambani ndi yankho: "Thirani Yureya patatha masabata atatu kapena anayi chimanga chitamera, dothi lili ndi chinyezi." Chiganizo chachiwiri chinene chimene chimalakwika: Yureya wosakwiriridwa amauluka ndi dzuwa, ndalama n'kupita pachabe. Kodi zimenezi zikufunanso ndime ya malonje patsogolo pake?