Onse ankadziwa kuti ali ndi mkazi kumudzi, koma ankanditchula alamu

Loweruka lapitali ndinachita manyazi amene sindinawaonepo chibwerere kuno kunja. Tinali pamsonkhano wa anthu akwathu, ine ndili pambali pa mwamuna amene wakhala akundilonjeza ukwati. Kenaka mnyamata wina wofika kumene anamupatsa moni ndi manja awiri n'kunena kuti, "A bambo a mapasa, mayi a kunyumba andipatsira kathumba kanu. Akuti ana ayamba kuyenda." M'chipinda monse munangoti zii. Wina anayamba kudinadina foni, wina anatuluka ngati akukayankha munthu panja. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anadabwa.

Chimene chikundidya mumtima ndi chimenecho. Onse ankadziwa. Anthu omwewa akhala akunditchula "alamu", akudya zophika ine, akundibwereka ndalama mwezi ukaima pakati.

Inu nonse mukuudziwa moyo wa kuno: kudzuka kusanache, kuimirira tsiku lonse, lendi, mapepala, abale akuimba foni kufuna thandizo. Munthu akabwera ndi mawu abwino m'chinenero chako, mtima umapumula. Amuna ngati ameneyu amadziwa zimenezo, ndipo ali ndi mawu amodzi amene amawatsegulira khomo lililonse: "Tinasiyana." Akazi ena nawonso amawanena, ndisanamizire amuna okha. Ndipo tsiku lina ukagwira umboni amakuuza kuti, "Komatu ndinakuuza kuti kunali munthu."

Tsono mvetserani mmene mungayesere mawu amenewa. Munthu amene banja lake linathadi savutika kuyankha mafunso wamba. Linatha liti? Linathera kukhoti kapena pamaso pa abale a mbali zonse ziwiri? Ana akukhala ndi ndani? Mkaziyo akukhala m'nyumba ya ndani? Woona amayankha mosavuta, ndipo mukamufunsanso patapita mwezi yankho limakhala lomwelo. Uyu wanga ankayankha ndi mkwiyo: "Iwe umakonda kukumba zakale." Tsiku lina ankati anasiyana asanabwere kuno, tsiku lina ankati mkaziyo anachoka iye ali kale kuno. Mapasa sanawatchulepo. Ndalama zimene ankatumiza mwezi uliwonse ankati n'za ana a mlongo wake, ndipo nsapato ting'onoting'ono tiwiri tofanana ndinakamusankhira ndine, ndi manja angawa.

Za foni ndiye musanene. Nthawi zonse inkakhala chafufumimba patebulo. Lamulungu madzulo ikalira ankatuluka nayo mpaka kumsewu, n'kubwerako ola litatha. Macheza athu a pa WhatsApp anawaikira `Disappearing messages` ya maola 24, ati foni imadzaza. Mauthenga olemba sadzaza foni, anthuni, chimene chimadzaza ndi zithunzi ndi mavidiyo. Ankafuna kuti pasatsale chilichonse akamapita kumudzi. Dziwaninso kuti kuyambira 2023 WhatsApp imalola kutseka macheza ena n'kuwabisa mu `Locked chats`, komanso kukhala ndi manambala awiri pafoni imodzi. Choncho munthu akakupatsirani foni n'kunena kuti "Ona wekha, palibe chimene ndikubisa," musatenge zimenezo ngati umboni.

Ndisakunamizeni, chizindikiro chimodzi pachokha sichitsimikiza kanthu. Kuno ena amagona asanu m'chipinda chimodzi, sangakuimbireni vidiyo usiku. Ena amagwira ntchito ya usiku, ena amangodana ndi kujambulitsa. Chofunika kuona n'chakuti kusowa kwakeko kumatsata ndondomeko yanji. Ameneyu ali kuno ankapezeka nthawi iliyonse. Atapita kumudzi pa Khirisimasi anangoti zii, ati netiweki ikuvuta, koma uthenga unkalowa pakati pa usiku kapena masana ali pamsewu. Netiweki yake inkavuta pokhapokha ali m'nyumba.

Ndiye anzakewo! Amuna akuluakulu, ena otsogolera mapemphero, ena ali ndi ana aakazi amsinkhu wanga. "Alamu, mwaswera bwanji?" Ndinafunsapo mmodzi wa iwo maso ndi maso ngati mnzakeyo alibe banja, iye n'kuseka, amvekere, "Aaa alamu, za awiri sitilowerera." Lero ndikudziwa kuti limenelo linali yankho lathunthu. Mnzake wa munthu wosakwatira amangoti "Alibe." Akayamba kuzungulira, kuseka, kapena kukubwezerani kwa mwini wake, mwamva kale zimene mumafuna kumva. Ambiri a iwo ali ndi nkhani zawo zofanana, n'chifukwa chake amabisirana.

Pa Facebook musataye nthawi ndi zimene iye walemba, chifukwa zimenezo amazisesa. Pitani pa zithunzi zakale, muwerenge ndemanga za anthu, makamaka za tsiku lake lobadwa. Ine nditabwerako Loweruka lija ndinazipeza zonse zili poyera: wina analemba kuti "Moni kwa mayi ndi ana," wina akumuyamikira pa nyumba imene akumanga. Koma njira yoposa zonsezi ndi kumuuza kuti akulumikizeni pa vidiyo ndi mayi ake kapena mlongo wake, ndipo akutchuleni pamaso pawo kuti ndinu ndani kwa iye. Wa banja amazengereza: mayi akudwala, nthawi sinakwane, dikira ndikawauze ndekha. Muuzenso m'bale wanu wa kumudzi akafunse mwakachetechete kudera kwawo. Banja silibisika kwa anthu oyandikana nalo nyumba.

Mukadziwa, choyamba imitsani ndalama. Ngati munamubwereka, jambulani mauthenga ndi malisiti musanamufunse chilichonse, chifukwa akangodziwa kuti mwadziwa amafufuta. Kamufunseni pamalo pamene pali anthu, osati m'chipinda chake, makamaka ngati ali ndi kiyi wanu kapena akudziwa kuti mapepala anu sali bwino, poti ena amaopseza nazo zimenezo. Funsani kamodzi. Adzakuuzani kuti akungokhalira ana, kuti sagona naye, kuti mumupatse chaka chimodzi akonze zinthu. Muuzeni kuti akakonze kaye, inu kulibe. Sinthani loko, mutsekeni pafoni, ndipo pitani mukayezetse magazi. Kachilombo ka HIV sikaoneka msanga m'magazi, choncho mukayezetsenso pakatha miyezi itatu kuchokera tsiku lomaliza limene munagona naye.

Ena akundiuza kuti ndimuyalutse pagulu lathu la pa WhatsApp, ndiponye zithunzi zonse. Omwe aja ankati salowerera za awiri, lero akufuna kuonera. Ayi, sindiwapatsa zimenezo.

Amene ndikumuganizira ndi mayi uja. Akulera mapasa yekha, akuyang'anira amisiri panyumba, akumanga kathumba kotumiza kwa mwamuna wake ndi mtima wonse. Sanandilakwire chilichonse, ndipo sindidzamutukwana. Akadzandiimbira, ndidzamuuza zoona modekha, kuti sindinkadziwa, kuti ndachoka, ndiponso kuti nayenso akayezetse. Mayi anga ndinali nditawauza kale kuti chaka chino ndibwera ndi munthu. Dzulo ndawaimbira kuwauza kuti ndibwera ndekha, ndawafotokozera zonse, ndipo anati, "Bwera mwanawe, ife timafuna iweyo." Kumsonkhano kuja ndipitabe, chifukwa kukubwera atsikana ena atsopano, ndipo aliyense wa iwo akadzandifunsa za mwamuna amene ndikumudziwa kuti ali ndi banja, ndidzamuuza pomwepo.