Sinowo wa leya imodzi ndi gaga wothira pachithunzi

Anzanga okonza zithunzi, lekani kuthira sinowo ngati mukuwaza mchere m'ndiwo. Nanenso ndinkatero, mpaka mayi ena kuno ku Nchalo atabwera ndi chithunzi cha mwana wawo amene ali kunja, atavala chijasi, pansi pali mbuu, koma kumwamba kopanda kanthu. Ndinaika leya imodzi ya timadontho toyera. Anachiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, mwanayu mwamuthira gaga?"

Sananame. Timadontho tonse tinali tofanana kukula, tonse tooneka bwino, ngati tamatidwa pagalasi. Kamera siona choncho. Taonani phulusa likamagwa nzimbe zikawotchedwa: lodutsa pafupi ndi diso limakhala lalikulu losaoneka bwino, lapatali timangoona ngati fumbi. Sinowonso chimodzimodzi, n'chifukwa chake ine ndimati maleya akhale atatu.

Mu Photoshop, pachithunzi cha 3000 px m'lifupi, ndimatsegula leya yatsopano, n'kuidetsa bii, kenako Filter > Noise > Add Noise pa 150%, nditasankha Gaussian ndi Monochromatic. Ndimaikapo Gaussian Blur ya 2 px, kenako mu Levels ndimakokera kachizindikiro koyera kumanzere kuti timadontho tiwale, kakuda kumanja mpaka timadontho tambiri titazimirira. Apa mpamene ambiri amachita umbombo, amasiya tochuluka. Ndikasintha leyayo kukhala Screen, kuda konse kumachoka, n'kutsala zoyera zokha.

Imeneyo ndi yapatali. Opacity ndimaitsitsa kufika 50%, ndipo ndi Layer Mask ndimaifufuta pathupi la munthuyo, chifukwa iyenera kugwa kumbuyo kwake. Yapakati ndimaipanga mofanana koma n'kuikulitsa kufika 200%. Iyi ndiyo ili pamtunda umodzi ndi nkhope, choncho isakhale yachimbuuzi, ingolandira Motion Blur ya 10 px kuti ioneke kuti ikugwa. Yakutsogolo ndimaikulitsa 500% kapena kuposa, Gaussian Blur ya 12 px, ndipo zidutswa zikhale zowerengeka, khumi kapena makumi awiri basi. Chikagwera padiso, chifufuteni.

Mphepo ikhale imodzi. Ngati Angle ya Motion Blur ili pa 70 paleya ina, inzakeyo isapite kutali, mwina 65 kapena 75. Mukaona mizere yaitali, dziwani kuti Distance yachuluka ndipo mwapanga mvula.

Koma chimene ndimakanitsitsa ndi ichi: munthu wajambulitsa masana pansi pa mlambe ku Bangula, thukuta lili kamukamu, chithunzithunzi chake chili bii pansi, ati mundiikire sinowo wa Khirisimasi. Sinowo akamagwa kumakhala mitambo, kuwala kumakhala kofewa. Dzuwa lathu la Novembala ngakhale mutaika maleya khumi limaonekabe pamphumi. Amenewo ndimawauza abwere m'mamawa dzuwa lisanatuluke, abwereke jekete, tijambulenso.