Tchaji yotsika sindiye kuti kumudzi kwafika zambiri

Abale anga a ku Joni, nkhani yotumiza ndalama kumudziyi ambiri timaiona mbali imodzi basi. Munthu akangomva kuti kampani yakuti ikudula tchaji yochepa, wathamangira komweko osafunsa n'komwe kuti randi imodzi akuisintha pa makwacha angati. Ine ndimati funso ndi limodzi: pa ndalama yonse yomwe yatuluka m'thumba mwanga, mayi akagwira makwacha angati m'manja?

Kampani yotumiza ndalama imadya pawiri. Koyamba ndi pa tchaji imene amakuuza poyera ija. Kachiwiri ndi pa reti, ndipo apa ndi pomwe amadya mwakachetechete chifukwa reti imene umaiona pa Google si imene akupatse iwo, ya pa Google ija ndi ya pakati pa mtengo wogulira ndi wogulitsira, iwowo amaitsitsako pang'ono ndipo kusiyanako n'kwawo. Ndiye ukamva kuti "tumizani ulere", dziwa kuti ulerewo abweza pa reti.

Tiyeni tiyerekeze, manambalawa ndi ongopangira chitsanzo chifukwa reti imasintha, inu muikepo za tsiku lomwe mukutumiza. Muli ndi R2,000 m'thumba, mulibe ina yowonjezera. Kampani yoyamba ikudula R150 ndipo reti yawo ndi K98 pa randi. Yachiwiri ikudula R40 yokha koma reti ndi K91. Ambiri apa athamangira yachiwiri, eti R40 ndi R150 n'kufananiza? Koma tengani kalikuleta ya pa foni. Koyamba kuja mukachotsa tchaji kwatsala R1,850, kuchulukitsa ndi 98, kumudzi kufika K181,300. Kwachiwiri kwatsala R1,960, kuchulukitsa ndi 91, kufika K178,360. Ya tchaji yokwera ija yapambana ndi K2,940.

Koma musathamangire kunena kuti ndiye yabwino ndi yoyambayo nthawi zonse ayi. Ngati matchaji aja sasintha ndi kukula kwa ndalama ndipo mukutumiza R500 yokha ya ndiwo ndi sopo, zinthu zimatembenuka. Koyamba kutsala R350, kufika K34,300. Kwachiwiri kutsala R460, kufika K41,860. Pa ndalama yochepa chomwe chimaluma ndi tchaji, pa ndalama yambiri chimaluma ndi reti. N'chifukwa chake amene amatumiza timadontho sabata iliyonse pa tchaji yosasintha ndimawamvera chisoni, akanaphatikiza n'kutumiza kamodzi pa mwezi bwenzi atapulumutsa kenakake, ngakhale ndikudziwa kuti kumudzi akayimba kuti ufa watha sungati dikirani pa 30.

Muonetsetsenso ngati tchajiyo akuichotsa mu ndalama yomwe mwapereka kapena akuiika pamwamba. Mukalemba R2,000 pa apu kenako akuuzani kuti lipirani R2,150, ndiye kuti mwawononga R2,150, ndipo pofananiza ndi kampani ina muwerengere imeneyo. Ine ndimatenga makwacha okafika n'kugawa ndi marandi onse omwe ndalipira. Pa chitsanzo choyamba chija K181,300 kugawa ndi 2,000 ikubwera K90.65, ndiye reti yanu yeniyeni imeneyo, osati 98 yomwe alemba ndi zilembo zikuluzikulu ija.

Ndiye pali kudula kwina komwe ife otumiza timaiwala chifukwa sikuoneka pa risiti yathu. Ndalama ikagwera mu Airtel Money kapena Mpamba, mayi akapita kwa ejenti kukatapa amadulidwanso, ndipo ngati ejenti wa pafupi alibe ndalama yokwanira akwere kabaza mpaka pa tauni, thiransipoti imeneyo ikuchoka momwemo. Mkangano wa "ndinatumiza yokwana" ndi "inafika yoperewera" nthawi zambiri umabadwira apa, palibe amene waba.

Ngati ndalama ili ndi ntchito yake, monga fizi ya mwana kapena feteleza, werengani chobwerera m'mbuyo. Akufunika K300,000 m'manja. Gawani ndi reti ya 98, ikubwera pafupifupi R3,062, onjezani tchaji ya R150, yakwana R3,212, kenako afunseni kuti kutapa ndalama yotere ejenti amadula zingati muikenso pamwamba. Ndipo mufunse mtengo wa chinthucho lero, osati wa mwezi watha. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti ena kuno anasangalala kuti randi yakwera, osadziwa kuti shuga ndi mafuta ophikira kumudzi akwera nawo sabata yomweyo.

Za anyamata a m'magulu a WhatsApp opereka reti ya pa bulaki zija, inde makwacha amaoneka ambiri kuposa a ku kampani, koma ndi zosaloledwa ndi lamulo, risiti kulibe, ndipo tsiku lomwe foni yake idzasiye kupezeka mulibe ofesi yokadandaulako.