Ya penshoni ndi yanu, msonkho ndi wa tonse

"Penshoni ndi msonkho basi, angosintha dzina. Zonse amadula usanaione ndalama."

Achimwene, kudulako n'kofanana ndithu, koma tsatirani komwe ndalamazo zikupita. Msonkho abwana amaupereka ku MRA, nukalowa m'thumba limodzi la boma. Kumeneko sulembedwanso dzina lanu. Ukagula mankhwala kapena kulipira mphunzitsi, basi wapita, ndipo simungakauitanitse mutakalamba.

Ya penshoni imakalowa mu akaunti ya dzina lanu. Lamulo lathu limati wantchito azipereka osachepera 5 peresenti, olemba ntchito 10 peresenti. Tinene kuti malipiro anu ndi K400,000. Inu akudulani K20,000, abwana awonjezera K40,000 yochokera m'thumba mwawo, ndiye mwezi uliwonse K60,000 yalowa, pachaka K720,000, osawerengera phindu lomwe imabereka akaiika m'mabizinesi. Mukasintha ntchito imakutsatirani. Mukamwalira imapita kwa omwe munawalemba pafomu ija ambirife timangosayina osawerenga. Ndi msonkho uti umene umachita zimenezi?

Pomwe ndikugwirizana nanu m'pakuti simungaitenge tsiku lomwe mwafuna, komanso kukwera mitengo kwa zinthu kumaidya ili chikhalire.

Koma chenjerani apa: kudulidwa papepala la malipiro sikutanthauza kuti yafika. Kumene ndinkagwira kale ankatidula mwezi ndi mwezi osatumiza, tinadzadziwa kampani ikutseka. Pemphani sitetimenti kwa osunga penshoni yanu, muwerenge mwezi uliwonse ngati mbali zonse ziwiri zinalowa. Mukapeza miyezi yopanda kanthu, kadandauleni ku Banki Yaikulu, ndiyo imayang'anira za penshoni.