Kandimverere wa makina: lekani kufalitsa zolemba zopotokola

Anthu inu, ndalankhulapo mofatsa kangapo koma simukumva, ndiye lero mundilole ndikalipe. Mwayamba khalidwe lotola nkhani, kuiponya m'makina omasulira, kutenga zatulukazo n'kuziponyanso m'chinenero china, kenako n'kutumizira anthu osaziwerenga n'komwe. Wolandira naye, poona kuti sizikumveka, amazibwezera m'makina momwemo poganiza kuti ziwongoka. Akulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Inu mwatuma akandimverere asanu motsatizana, aliyense akumvera kwa mnzake, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anafika pabwalo.

Makinawa sagwira ntchito monga mmene ambiri mumaganizira. Google Translate idayamba mu 2006, Chichewa chidalowamo mu 2014, ndipo kuyambira 2016 idayamba kugwiritsa ntchito njira yatsopano yomasulira chiganizo chonse pamodzi. Njira yatsopanoyi imatulutsa ziganizo zosalala, ndipo msampha uli pomwepo. Makina akakumana ndi liwu la matanthauzo awiri safunsa munthu. Amasankha limodzi limene likuoneka loyenera n'kutaya linalo. Womasulira wachiwiri saona zimene mwini nkhani analemba, amangoona zimene woyamba anasankha, n'kumangapo zake. Komanso kumasulira pakati pa zinenero ziwiri zimene makina sanazionepo kwambiri zili pamodzi kawirikawiri kumadzera m'Chingerezi mobisika. Inu mumadina kamodzi, koma nkhani yadumpha kawiri.

Tiyeni titsate chiganizo chimodzi, muone m'mene chimafera. Wina walemba kuti: "Agogo amwe mapiritsi awiri kawiri pa tsiku kwa masiku 5." Palibe chovuta apa. Chikalowa m'Chingerezi, zinthu ziwiri zimachitika. Choyamba, liwu lakuti agogo silinena ngati ndi aamuna kapena aakazi, ndiye makina akhoza kungosankha, tinene kuti asankha aamuna pomwe odwalawo ndi aakazi. Chachiwiri, m'Chingerezi mapiritsi samwedwa, amatengedwa. Mpaka apa Chingerezicho n'cholondola ndithu, kupatula za agogo aja. Tsopano wina achimasulire m'chinenero chachitatu, makina n'kumva kutengako ngati kunyamula ndi manja. Chikabwerera kwa ife chimati: "Bambo wokalamba anyamule mapiritsi awiri kawiri pa tsiku." Wina achiponyenso kawiri katatu, piritsi lija, limene m'Chingerezi dzina lake lina limafanana ndi la kachipangizo kagalasi kowerengerapo, lisanduka chipangizo. Mapeto ake mumva kuti mkulu wina azinyamula zipangizo ziwiri masiku onse. Kumwa kwapita, mankhwala apita, agogo aakazi apita.

Chomalizacho sichindiopsa kwenikweni, chifukwa aliyense akhoza kuseka n'kuchitaya. Chondiopsa ndi chapakati chija, chakuti anyamule mapiritsi. Chimamveka ngati Chichewa, chili ndi manambala ake, ndipo munthu wotanganidwa akhoza kuchikhulupirira. Pepala lojambulidwa mobwereza pa fotokope limachita mbuu, maso okha amakuuza kuti ichi chatha. Zomasulira za makina sizichita mbuu. Zilembo zimakhala zoyera, mipumiro ili m'malo mwake, koma tanthauzo lidachoka kalekale.

Ndiye mungazizindikire bwanji? Njira imene ine ndimadalira kuposa zonse ndi kugwira chinthu chimodzi n'kuchilondola kuyambira pamwamba mpaka pansi. Munthu akamalemba za mtengo wa katundu, amakhala pa mtengo womwewo mpaka nkhani ithe. Zolemba zopotokola zimayamba ndi mtengo wogulira, ndime yachiwiri mtengo uja wamera nthambi, yachitatu ukutchedwa chomera. "Mtengo wa mankhwala utsika mwezi uno" chimatha kubwerako chikunena za chomera chochiritsa chimene chigwe, ndipo mwezi wa pakalendala wasanduka mwezi wakumwamba. Mukaona dzina la chinthu chimodzi likusinthasintha popanda chifukwa, imani pomwepo.

Londolaninso anthu a m'nkhanimo. Amene anali mayi pachiyambi akutchedwa bambo pakati. Munthu mmodzi amene timamulemekeza ndi "a" wasanduka gulu, poti makina anawerenga ulemu ngati kuchuluka. Kalata yopita kwa munthu wamkulu ikuti "inu" m'chiganizo china, "iwe" m'chotsatira, chifukwa Chingerezi chili ndi liwu limodzi la zonse ziwiri ndipo makina amalota mwatsopano pa chiganizo chilichonse. Wolemba wamoyo, ngakhale wosaphunzira kwenikweni, salakwitsa chonchi. Iye amalakwitsa kalembedwe ka mawu, amaiwala mpumiro, koma saiwala kuti akulankhula ndi ndani.

Mayina nawo amaulula. Dzina la munthu kapena la malo likamasuliridwa ngati liwu wamba, Chisomo n'kusanduka ubwino, dziwani kuti padutsa makina. Miyambi imabwerako ili maliseche, mawu onse alipo koma osanena kanthu. Manambala ayang'aneni kawiri: Chingerezi chimalemba 1,500 pomwe Chijeremani chimalemba 1.500 pa nambala yomweyo, ndipo chizindikirocho chikasokonekera panjira, zinthu chikwi ndi mazana asanu zimaoneka ngati chimodzi ndi theka.

Musaganize kuti ulesiwu ndi wa ana okha. Mu 2021 akatswiri atatu, Guillaume Cabanac, Cyril Labbé ndi Alexander Magazinov, adaonetsa kuti m'magazini a sayansi mudalowa zolemba zokhala ndi mawu opotoka modabwitsa, zooneka kuti zinadutsa m'makina osintha mawu pofuna kubisa kuti zinabedwa. M'zolemba zamtunduwu khansa ya m'mawere idapezeka ikutchedwa ngozi ya pachifuwa. Liwu lililonse palokha lili pafupi ndi loyamba, koma palibe dokotala amene amatchula matendawo choncho. Chizindikiro chake n'chomwecho kulikonse: mawu amene anthu a ntchitoyo amawadziwa ndi dzina limodzi lokhazikika akubwera atavala malaya achilendo.

Ndiye pali inu ochenjera pang'ono, amene mumati, "Ine ndimayesa, ndimabwezera m'chinenero choyamba kuti ndione ngati zikufanana." Mayeso amenewo ndi achabechabe. Makina akhoza kulakwitsa popita n'kulakwitsanso mofanana pobwera, mtengo wogulira n'kupita ngati mtengo wa m'nkhalango, n'kubwerako uli "mtengo" womwewo. Inu mukondwera kuti zafanana, pomwe wowerenga wa chinenero chinacho walandira za nkhalango. Ndipo kuponyanso zopotokola m'makina sikuziwongola, poti chimene chidatayika pa ulendo woyamba mulibe m'mawu amene mwagwirawo.

Mukalandira cholembedwa chokayikitsa, werengani ndime imodzi mokweza, ikani foni pansi, ndipo nenani ndi mawu anu kuti ndani wachita chiyani kwa yani. Mukalephera pomwe liwu lililonse mukulidziwa, vuto si mutu wanu. Funsani amene wakutumizirani kuti choyambirira chili kuti ndipo chinalembedwa m'chinenero chanji. Chikapezeka, masulirani kuchokera pa icho, kamodzi kokha, ndipo munthu wodziwa zinenero zonse ziwiri aike zolemba ziwirizo pambali n'kuyerekeza mayina, manambala ndi mawu okana monga "musamwe" ndi "osapitirira". Ngati ndi za mankhwala, za malamulo kapena za pangano losainirana, ndipo choyambirira sichikupezeka, musatumize kwa wina aliyense. Fufutani.