Chenjezo kwa inu ofukiza tsabola pa mbaula

Ana anga a ku Chawama, Kanyama, Matero ndi makomboni ena onse, mundimvere ndine wamkulu. Kwabuka khalidwe loti nsikidzi zikavuta munthu atenga mbaula yoyaka malasha, athirapo tsabola wouma, atseka chitseko ndi mawindo ati azifukize, ndiye madzulo alowetsa ana kukagona mommo mbaula ikadali ndi moto. Mukufuna kupha ndani kodi, nsikidzi kapena ana?

Nsikidzi sikhala poyera ayi. Imabisala mu msoko wa matilesi, m'ming'alu ya bedi ndi ya khoma, umo utsi wanuwo sufika ndi mphamvu, ndipo mazira ake amamatirira pamtengo n'kuswa patapita sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Ndiye inu mugona bwino masiku awiri mwayamba kale kuuza aneba kuti mankhwala ndapeza, sabata yamawa ana akukandanso. Koma malasha m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa kaboni monokisaidi, ulibe fungo ulibe mtundu, umayamba ndi mutu kuwawa, chizungulire, nseru, thupi kufooka, kenako tulo tosadzuka nato, ndipo nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi timaika maliro a zomwezi muno mu Lusaka. Wina akayamba kumva choncho mutulutseni panja msanga, tsegulani ponse, thamangirani naye ku kiliniki.

Chimene chili ndi umboni pa nsikidzi ndi kutentha. Zofunda zichapidwe m'madzi otentha kufika madigiri 60, bedi muimasule muthire madzi owira m'malumikizo mwake, misoko ya matilesi muipite ndi ayironi pang'onopang'ono, ming'alu ya khoma muimate, ndipo mubwereze pakatha sabata chifukwa cha mazira otsala. Ndi ntchito yotopetsa, n'chifukwa chake aulesi amathawira ku tsabola.

Sindikunyoza za makolo ayi. Phulusa akatswiri analiyesa pa chimanga chosunga ndipo limathandizadi pa anankafumbwe, limakanda khungu lawo aume komanso limatseka mipata pakati pa njere, koma lifunika lambiri losakaniza bwino ndi chimanga chouma gwa, osati kadzanja kamodzi kowaza pamwamba pa thumba la makilogalamu 50. Nimu nayenso mphamvu yake yambiri ili mu njere osati m'masamba, sapha pompopompo, amangoletsa kachirombo kudya ndi kufundula, ndipo padzuwa amatha mphamvu m'masiku ochepa. Masamba awiri pansi pa pilo ndi kudzinamiza chabe.

Utsi umathamangitsa udzudzu nthawi imene ukufuka basi, ukazilala udzudzu wabwerera pakati pa usiku inu muli mtulo. Neti yonyikidwa m'mankhwala ija munalandira ku kiliniki ndiyo inayesedwa pa malungo, kaichotseni ku dimba komwe mwatchingira repu muimangirire pa bedi ya ana lero lomwe.