Zimene Timamwa Nazonso ndi Chakudya

Ndakwiya kuyambira dzulo madzulo, ndipo sindikhala chete. Alamu anga anaima pa sikelo, n'kuona kuti awonjezera makilogalamu 6 m'chaka chimodzi, ndipo anatembenukira mchemwali wanga pamaso pa tonse n'kunena kuti, "Amayi, inu ndi amene mukundinenepetsa ndi kaphikidwe kanu, chifukwa ine ndinasiya kalekale kudya masana." Pamene ankalankhula mawu amenewo, m'dzanja lawo lamanja munali botolo la chakumwa choziziritsa kukhosi la mamililita 500, lachiwiri pa tsikulo, ndipo linali litatsala pang'ono kutha. Mchemwali wanga anangowerama osayankha, ngati kuti walakwadi. Ine mtima unandipweteka, chifukwa munthu amene wakhala akuchepetsa mafuta mumphika kwa miyezi yambiri ankaimbidwa mlandu, pamene wolakwa weniweni anali m'manja mwa wodandaulayo.

Mfundo yanga ndi imodzi yokha, ndipo ndi yakuti thupi silisiyanitsa mphamvu imene yalowa potafuna ndi imene yalowa pakumwa. Tinazolowera kuganiza kuti chakudya ndi chimene chili m'mbale, ndipo chimene chili m'botolo ndi chongotsitsira kapena chopha ludzu, koma maganizo amenewa ndi amene akumasula malamba a anthu ambiri chibowo chimodzi chaka chilichonse.

Ndinatenga botolo lija n'kuwerenga nawo zolembedwa kumbuyo. Zakumwa zambiri za mtundu umenewu zimakhala ndi shuga wopitirira pang'ono magalamu 10 pa mamililita 100 alionse, kutanthauza kuti botolo lonse lili ndi magalamu pafupifupi 53. Supuni yaing'ono ya tiyi imanyamula magalamu 4, choncho botolo limodzi ndi masupuni 13 a shuga. Ndinawafunsa kuti, "Alamu, kodi mungathire masupuni 13 m'kapu n'kumwa?" Iwo anati zimenezo n'zosatheka, zingawachititse nseru. Komatu amachita zimenezo kawiri tsiku lililonse, kungoti kuzizira, mpweya wothethetsa ndi kuwawasa kwa chakumwacho zimabisa kutsekemerako kuti lilime lisadandaule. Mphamvu ya chakudya imayezedwa m'makalori, ndipo galamu imodzi ya shuga imapereka makalori 4, ndiye botolo limodzi ndi makalori oposa 200, ndipo awiri ndi pafupifupi 420 pa tsiku. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wotere asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zonse zimene munthu amadya pa tsiku, zimene kwa munthu wamkulu wofuna makalori 2,000 ndi magalamu pafupifupi 50. Alamu anga amadutsa malire amenewo ndi botolo loyamba lokha, asanalawe kanthu kena kalikonse.

Titafika pa mowa, anakana kwamtuwagalu, amvekere mowa ndi wowawa, mulibe shuga, sungamunenepetse munthu. Apa ndi pamene ambiri amasokera. Chinthu choledzeretsa chimene chili mu mowa chili ndi mphamvu yakeyake, makalori 7 pa galamu, kuposa shuga ndipo kutsala pang'ono kufanana ndi mafuta, amene ali ndi makalori 9. Botolo la mamililita 330 la mowa wa 5 peresenti lili ndi magalamu 13 a chinthu chimenechi, ndipo tikaphatikiza zotsalira za chimera, limafika makalori pafupifupi 140. Iwo anavomera okha kuti Lachisanu amamwa mabotolo 5 ndipo Loweruka enanso 5, zimene ndi makalori 1,400. Choipa china n'chakuti thupi lilibe posungira mowa, motero chiwindi chimayamba chathana ndi mowawo, ndipo pa nthawi yonseyo ntchito yowotcha mafuta imachepa. Nyama yonona imene munthu amadya ali pakati pa botolo lachitatu ndi lachinayi, pamene mowa wamutsegula mtima wofuna kudya ndipo wamuchotsera kudziletsa, imangopita kukasungidwa.

Tsopano tiwonkhetse. Zakumwa zotsekemera pa mlungu ndi makalori 2,940, mowa ndi 1,400, zonse pamodzi 4,340. Imeneyo ndi mphamvu yoposa chakudya cha masiku awiri athunthu, ndiye kuti alamu anga amadya masiku 9 mu mlungu wa masiku 7, ndipo masiku awiri owonjezerawo sanawatafune, sanawaone m'mbale, ndiponso sakuwakumbukira. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Sikuti zonse zimene amamwazo zimasanduka mafuta, ayi, chifukwa anasiyadi kudya masana, ndipo thupi likamakula limagwiritsanso ntchito mphamvu zochulukirapo. Koma kuti munthu awonjezere makilogalamu 6 pa chaka, pamangofunika kuti tsiku lililonse patsale makalori ochepa, ngakhale osafika a m'botolo limodzi lija. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo mafuta a pamimba nawonso sabwera ndi phokoso.

Chimene chikundikwiyitsa kwambiri n'chakuti anadzilanga pachabe. Anasiya chakudya chimene chikanawakhutitsa, n'kusunga chakumwa chimene sichikhutitsa. Zamadzimadzi sizichedwa m'mimba, sizifuna kutafuna, ndipo sizithetsa njala monga mmene chakudya cholimba cha mphamvu yofanana chimachitira, choncho munthu amene wamwa makalori 420 masana amafika madzulo ali ndi njala ngati sanalawe kanthu, n'kudya mbale yodzaza. Akatero amakhulupirira ndi mtima wonse kuti amadya kamodzi patsiku, ndipo akanenepa amafunafuna wina womuloza chala. Inde, chibadwa, msinkhu, mankhwala ena ndi kukhala pansi tsiku lonse zili ndi mbali yake, koma zimenezo si zimene zinali m'dzanja la alamu anga dzulo. Amene akukayika alembe chilichonse chimene wamwa kwa masiku 7, kupatula madzi, osasiya ngakhale masupuni a shuga a mu tiyi, kenaka awonkhetse yekha.

Ndipo pasapezeke wondiuza kuti wasamukira ku juwisi wa zipatso ndiye wapulumuka. Kapu ya mamililita 250 ya juwisi wa malalanje, ngakhale wosathira shuga, ili ndi shuga wopitirira magalamu 20, ndipo malangizo a WHO aja amawerengera shuga wa mu juwisi pamodzi ndi wothira. Munthu akadya lalanje limodzi amatafuna, amameza ndi ulusi wake womwe, ndipo amamva kuti m'mimba mwalowa kanthu, koma m'kapu imodzi mumalowa malalanje angapo amene amatha m'kamphindi kochepa.

Opanga zakumwazi nawonso ndili nawo chifukwa. N'chifukwa chiyani ambiri amalemba kuchuluka kwa shuga pa mamililita 100, m'timalemba tating'onoting'ono tofuna kutsinzinira diso limodzi, pamene akudziwa bwino lomwe kuti palibe amene amatsegula botolo la mamililita 500 n'kumwa gawo limodzi mwa magawo asanu? Alamu anga ataona nambala ya 10 anaganiza kuti ndi shuga wa botolo lonse, ndipo akhala akuganiza choncho kwa zaka. Pa mabotolo ambiri a mowa ndiye sipalembedwa n'komwe makalori, pamangokhala maperesenti a ukali wake basi. Mchemwali wanga mpaka pano sanapepesedwe.